Kamera ya m'galimoto: kusankha, kulumikiza magetsi ndi kusamala kadi kuti umboni usafufutike

Madalaivala a machapa ndi a malole onyamula kachewere, chimanga ndi fodya kuno ku Angonia ayamba kumata makamera ang'onoang'ono pa galasi lakutsogolo. Chifukwa chake n'chodziwika kwa aliyense woyenda mumsewu wa N304, wochokera ku Musakama kudzera ku Ulongwe mpaka pachipata cha Kalomwe. Mumsewu umenewu mumayenda njinga zakapalasa zosenza matumba, njinga zamoto, ngolo za ng'ombe, mbuzi ndi ana a sukulu, ndipo ngozi ikachitika aliyense amafotokoza zake. Kamera ikhoza kuthetsa mkangano wotero pamaso pa apolisi a pamsewu kapena a kampani ya seguru, imene anzathu a ku Malawi amati inshuwalansi.

Koma anthu ambiri amene kamera inawakhumudwitsa sanagule kamera yosajambula. Inajambula ndithu, kungoti pa tsiku limene kanemayo anafunika anali atafufutika, kapena fayilo yake sinkatseguka, kapena tsiku lolembedwa pa chithunzi linali la zaka zakale. Mavuto amenewa amachokera pa zinthu zitatu: kafufutidwe ka mafayilo akale, kadi yosungira kanema, ndi njira imene magetsi amafikira ku kamera.

Kamera imafufuta yokha zimene yajambula

Kamera ya m'galimoto sijambula kanema mmodzi wamtali ngati foni. Imadula kanema m'zidutswa za mphindi 1, 3 kapena 5, ndipo chidutswa chilichonse ndi fayilo payokha. Kadi ikadzaza, kamera imafufuta fayilo yakale kwambiri n'kuikapo yatsopano, ndipo imachita zimenezi mosalekeza popanda kukufunsani. Pa menyu, kajambulidwe kameneka kamalembedwa kuti Loop Recording, ndipo kamera ikakhala m'Chipwitikizi mungapeze Gravação em loop kapena mawu ofanana nawo. Mukakazimitsa posankha Off, kamera imangosiya kujambula kadi ikadzaza, ndipo mukhoza kuyenda mwezi wonse ndi kamera yoyaka koma yosagwira ntchito.

Choncho funso loyamba musanagule chilichonse ndi lakuti: kodi kanema wa nthawi ino akhala maola angati asanafufutidwe? Yankho mukhoza kuliwerengera nokha. Kamera wamba yojambula pa mlingo wa 1080p imapanga fayilo ya mamegabayiti pafupifupi 270 pa mphindi 3. Pa ola limodzi pamakhala mafayilo 20 otere, ndipo 20 kuchulukitsa ndi 270 ndi mamegabayiti 5,400, omwe ndi magigabayiti 5.4. Ndiye kuti kadi yolembedwa 32GB imasunga maola opitirira pang'ono 5, ya 64GB maola pafupifupi 11, ndipo ya 128GB maola pafupifupi 22. Ngati muli ndi kamera yachiwiri yoyang'ana kumbuyo yojambula pa mlingo womwewo, maola onsewa agaweni pakati. Makamera amasiyana, ena mafayilo awo ndi aakulu kuposa apa, n'chifukwa chake muyenera kuyang'ana kukula kwa fayilo imodzi ya kamera yanu n'kuchita masamu omwewa.

Tiyerekeze ulendo umene ambiri timaudziwa. Lole yaing'ono yasenza matumba a kachewere, yanyamuka ku Ulongwe 3 koloko mbandakucha kupita kumsika wa Kwachena mumzinda wa Tete, mtunda wa makilomita opitirira 200. Itayenda maola awiri, pafupi ndi mphambano ya Musakama, njinga yamoto yalowa mumsewu mwadzidzidzi n'kukhula loleyo m'mbali. Palibe wavulala, agwirizana kuti nkhani aikamba mawa, ndipo dalaivala wapitiriza ulendo poopa kuchedwa kumsika. Kuchokera pamenepo ayenda maola atatu kukafika ku Tete, ola limodzi kuzungulira mumzinda, ndi maola asanu pobwerera. Pofika kunyumba, injini yayenda maola 9 chichitikire ngoziyo.

Ngati loleyo ili ndi makamera awiri ndi kadi ya 32GB, malo ndi a maola osakwana atatu, ndipo kanema wa ngoziyo afufutika lole ikulowa mumzinda wa Tete. Kadi ya 64GB imukhalitsa maola asanu ndi theka, ndiye afufutika pobwerera, lole itadutsa kale Mowatize. Kadi ya 128GB yokha ndi imene ingafike naye kunyumba, ndipo nayonso pokhapokha ngati kamera sinkajambula nthawi imene lole inaima pamsika. M'mawa mwake mwini njinga akabwera ndi abale ake n'kunena kuti loleyo ndi imene inasiya mbali yake, dalaivala wa kadi yaing'ono adzapeza kanema wokongola wa mlatho wa pa Zambezi, wa ngoziyo palibe.

Pa kutalika kwa chidutswa, ine ndimasankha mphindi 3. Mphindi 1 imachulukitsa mafayilo moti kupeza amene mukufuna kumatopetsa. Mphindi 5 imakutayitsani zambiri fayilo imodzi ikawonongeka, ndipo fayilo imene imawonongeka kawirikawiri ndi yomaliza, imene inkajambulidwa pamene magetsi anaduka, kutanthauza fayilo ya ngozi yeniyeniyo.

Vuto la misewu yafumbi

Pafupifupi kamera iliyonse ili ndi kachipangizo komva kugwedezeka, kolembedwa G-Sensor pa menyu. Galimoto ikagundidwa, kachipangizoka kamakhoma fayilo ya nthawi imeneyo kuti isafufutidwe, ndipo fayiloyo imapita mu foda yapadera, imene makamera ena amailemba RO, ena EVENT, ena EMR. Pa msewu wosalala zimenezi n'zothandiza. Koma kameka sikasiyanitsa ngozi ndi dzenje. Pa misewu ya kumidzi, kumene timakatenga katundu kuminda ya ku Domwe kapena ku Tsangano, galimoto imagwedezeka ulendo wonse, ndipo kamera imakhoma fayilo pambuyo pa fayilo.

Zotsatira zake zimadalira mtundu wa kamera. Ina imasunga mafayilo okhomedwa onse, malo ojambulira n'kumachepa tsiku ndi tsiku, mpaka kadi ya maola 11 imatsala ndi malo a mphindi 20, kenako kamera imalemba Card Full n'kusiya. Ina imapatula gawo la kadi la mafayilo okhomedwa, ndipo gawolo likadzaza imafufuta wakale kwambiri, moti fayilo ya ngozi yeniyeni imakankhidwa ndi mafayilo a maenje. Njira yake ndi kuika G-Sensor pa Low. Mukaona kuti pa Low ikukhomabe mafayilo ambiri, ikani pa Off n'kuzolowera kudina nokha batani lokhomera fayilo, limene kawirikawiri limakhala ndi chizindikiro cha loko kapena cha makona atatu. Lidziweni batani limeneli galimoto ili chiimire, kuti dzanja lizilipeza osayang'ana.

Posankha kamera

Musatengeke ndi zolembedwa pa bokosi. Makamera ambiri otchipa amalembedwa 4K koma diso lake ndi laling'ono, amangokuza chithunzi n'kudya malo pa kadi popanda kuwonjezera chooneka. Kamera ya 1080p kapena 1440p yeniyeni, yojambula zithunzi 30 pa sekondi, ndi yokwanira. Muyeso wabwino ndi wa pamalo ogulira pomwepo: pemphani kuti aiyatse, jambulani galimoto yoima pa mtunda wa mapazi khumi, ndipo onerani kanemayo pa foni kapena pa kompyuta, osati pa kagalasi ka kamerayo. Ngati nambala ya galimoto yoima siikuwerengeka masana, ya galimoto yothamanga simudzaiona.

Chachiwiri, funsani chimene chili m'kati mwake chosunga magetsi. Makamera ena ali ndi batire laling'ono ngati la foni, ena ali ndi kapasita, ndipo pa bokosi pamalembedwa Supercapacitor. Ntchito ya zonsezi ndi kupatsa kamera masekondi ochepa oti itseke bwino fayilo yomaliza magetsi a galimoto akaduka. Kuno kumapiri n'kozizira, koma galimoto zathu zimatsikira ku Tete, kumene mu Okutobala ndi Novembala kutentha kumapitirira madigiri 40, ndipo kuseri kwa galasi la galimoto yotsekedwa kumatentha kuposa pamenepo. Batire laling'ono limafufuma ndi kufa pa kutentha kotero. Likafa, kamera imayakabe injini ikalira, koma imathima nthawi yomweyo kiyi akazimitsidwa, fayilo yomaliza n'kutsala yosatseguka. Ya kapasita imapirira kutentha, ndipo ndi imene ndingagule ngakhale mtengo wake utakwererapo.

Kamera yokhala ndi GPS imakonza yokha nthawi ndi tsiku, ndipo imalemba malo ndi liwiro pa chithunzi. Kumbukirani kuti liwirolo ndi lanu, ndipo limachitira umboni mbali zonse. Yokhala ndi Wi-Fi imakulolani kukopera kanema mu foni muli pamsewu pomwepo, chinthu chothandiza kwa munthu amene kompyuta ali nayo kutali. Kamera yakumbuyo imathandiza pa galimoto yaing'ono ndi pa chapa, koma pa lole imene matumba amatseka galasi lakumbuyo n'kutaya ndalama, pokhapokha mutapeza yomangirira panja yosalowa madzi.

Kadi yosungira kanema

Kadi ya microSD ya mu foni imalembedwa mwa apo ndi apo. Ya mu kamera imalembedwa ndi kufufutidwa sekondi iliyonse imene galimoto ikuyenda, ndipo kadi iliyonse ili ndi malire a maulendo amene ingalembedwe. N'chifukwa chake pali makadi opangidwira ntchito yolemetsa imeneyi, monga SanDisk High Endurance ndi Samsung PRO Endurance. Pa kadi payeneranso kuoneka chizindikiro cha liwiro: U1 imakwanira kamera imodzi ya 1080p, koma U3 kapena V30 ndi yodalirika pa makamera awiri kapena pa mlingo wokwera. Yang'ananinso m'kabuku ka kamera kuti imalandira kadi yaikulu bwanji, chifukwa makamera ena akale amathera pa 32GB kapena 64GB.

Chenjerani ndi makadi achinyengo. Kadi yotero imalembedwa 128GB, ndipo foni ndi kamera zimaonetsa 128GB, koma m'kati muli malo a magigabayiti 8 kapena 16 okha. Poyamba zonse zimaoneka bwino. Malo enieniwo akadzaza, kamera imapitiriza kulemba mayina a mafayilo, koma mukawatsegula ena amakana. Ine ndinagulapo yotero pa theka la mtengo, ndipo ndinazindikira patapita milungu, nditafuna kuonetsa mnzanga ng'ombe zimene zinatidutsa kutsogolo usiku. Amene ali ndi kompyuta akhoza kuyesa kadi ndi pulogalamu yaulere ya H2testw, imene imadzaza kadi yonse n'kuwerenganso kuti ione ngati zolembedwazo zilipodi. Amene alibe kompyuta ayese motere: siyani kamera ijambule mpaka kadi itatsala pang'ono kudzaza, ndipo tsegulani mafayilo atatu akale kwambiri, atatu a pakati, ndi atatu atsopano. Onse ayenera kuseweredwa kuyambira poyamba mpaka pomaliza.

Kadi yatsopano ikonzedwe m'kamera momwemo, osati mu foni. Pa menyu sankhani Format, kapena Formatar. Chifukwa chake n'chakuti makadi ofika 32GB amabwera ndi kasanjidwe ka FAT32, pamene a 64GB kupita m'mwamba amabwera ndi exFAT, ndipo si kamera iliyonse imene imawerenga zonse ziwiri. Kamera ikakonza yokha, imaika kasanjidwe kamene imakadziwa. Bwerezani zimenezi kamodzi pa mwezi kuti mafayilo okhomedwa achoke, koma yambani mwakopera zimene mukufuna kusunga, popeza Format imasesa zonse, zokhomedwa zomwe. Ndipo musatulutse kadi kamera ikujambula.

Kulumikiza magetsi

Kamera zambiri zimagwira ntchito ndi mavolti 5, pamene galimoto yaing'ono ili ndi 12 ndipo malole ambiri ali ndi 24. Pakati pake pamafunika kachipangizo kotsitsa mphamvu, kamene kamakhala m'pulagi yolowetsa m'bowo la choyatsira ndudu, kapena m'kabokosi ka pa waya. Musadule pulagiyo n'kulumikiza waya mwachindunji ku galimoto, chifukwa kamera ipsa nthawi yomweyo.

Njira yosavuta ndi ya m'bowo la choyatsira ndudu. Pa galimoto zambiri za ku Japan zimene timayendera kuno, bowoli limakhala ndi magetsi kiyi akatembenuzidwa, ndipo limathima kiyi akachotsedwa, ndiye kamera imayaka ndi kuthima yokha. Yesani yanu, chifukwa pa galimoto zina, makamaka zimene amakaniko anasinthapo mawaya, bowolo silithima, ndipo kamera imadya batire usiku wonse. Vuto lina ndi la misewu yathu: pulagi imasuntha pang'onopang'ono ndi kugwedezeka, kamera n'kumathima ndi kuyaka. Pa chapa pali vuto lachitatu, la okwera amene amazula pulagi kuti atchaje foni.

Njira yokhalitsa ndi kutenga magetsi ku bokosi la mafyuzi, amene amakaniko a kuno amati mafuzivele. Pamafunika waya wapadera wokhala ndi kabokosi kotsitsa mphamvu, wogwirizana ndi kamera yanu. Wa lole ayang'ane kuti pa kabokosipo palembedwa 12V-24V. Ngati lole yanu ili ndi mabatire awiri olumikizidwa motsatizana, yabwino ya limodzi kupita ku yoipa ya linzake, ndiye kuti ndi ya mavolti 24. Amakaniko ena amatenga mavolti 12 pa batire limodzi mwa awiriwo. Musalole, chifukwa batire limenelo limatha msanga kuposa linzake, ndipo mapeto ake mumagula onse awiri.

Waya wapaderayu ali ndi nthambi zitatu. Yolembedwa GND imapita ku chitsulo cha galimoto. Yolembedwa ACC imapita ku fyuzi imene imakhala ndi magetsi kiyi akatembenuzidwa basi. Yolembedwa BATT kapena B+ imapita ku fyuzi imene imakhala ndi magetsi nthawi zonse. Ya GND imakhala yakuda, koma pa ziwiri zinazo musadalire mtundu. Makampani ena amaika wofiira pa ACC ndi wachikasu pa BATT, ena amasinthanitsa. Werengani kapepala komatidwa pa waya. Mukasinthanitsa ziwirizi, kamera siidziwa kuti galimoto yaima kapena ikuyenda.

Mafyuzi oyenera amapezeka ndi kagetsi koyesera kapena mita yoyezera magetsi. Manani mbali imodzi pa chitsulo cha galimoto, ndipo ndi nsonga inayo gusani timaso tachitsulo ta pamsana pa fyuzi. Kiyi atachotsedwa, fyuzi imene ikuyatsa kagetsi ndi ya nthawi zonse, ndipo kawirikawiri imakhala ya getsi la m'kati yolembedwa DOME kapena ya mahazadi yolembedwa HAZ. Imene ili chete koma ikuyatsa kagetsi kiyi akafika pa ACC ndi ya nthambi inayo, monga yolembedwa CIG kapena ACC. Musakhudze zolembedwa SRS, AIRBAG, ABS, EFI kapena ECU. Zimenezo ndi za mabuleki, za injini ndi za zikwama za mpweya zotetezera pa ngozi, ndipo kamera si chinthu choti muikire moyo pachiswe.

Chizolowezi chopota waya pa mwendo wa fyuzi n'kuikankhira m'malo mwake n'choopsa. Wayayo amakhala wopanda chitetezo, ndipo amakulitsa bowo moti fyuzi imayamba kugwedera ndi kutentha. Pali kachipangizo kotchipa kolowa m'malo mwa fyuzi, kokhala ndi mipata iwiri ndi waya wotuluka m'mbali. Mu mpata wapansi, woyandikana ndi miyendo, mumabwezera fyuzi yakale ya galimoto. Mu mpata wapamwamba mumaika fyuzi yaing'ono ya kamera, ya maampeya 2 mpaka 5. Mafyuzi ali ndi misinkhu yosiyana, ndiye zulani imodzi ya galimoto yanu mupite nayo kogula.

Kachipangizoka kali ndi mbali yake yolowera. Mukazula fyuzi, mwa mabowo awiri otsalawo limodzi lokha ndi limene lili ndi magetsi. Mwendo wa kutali ndi waya wotuluka uja ndi umene uyenera kulowa m'bowo la magetsilo. Kuti mutsimikize, chotsani fyuzi yapansi n'kusiya yapamwamba yokha. Ngati waya wa kamera udakali ndi magetsi, mwalowetsa bwino. Ngati wathima, tembenuzani, chifukwa magetsi a kamera akudutsira mu fyuzi ya galimoto n'kuiwonjezera katundu.

Nthambi ya GND imangidwe pa bawuti yolowa m'chitsulo chenicheni cha thupi la galimoto, pamalo opanda penti ndi dzimbiri. Zomangira zambiri za pansi pa chiwongolero zimalowa m'pulasitiki, ndipo kamera yomangidwa pamenepo siyaka, kapena imayaka mwa apo ndi apo. Pomanga mawaya kiyi akhale atachotsedwa.

Kujambula galimoto itaima, ndi batire la m'mawa

Nthambi ya BATT ndi imene imalola kamera kulondera galimoto itaima, zimene pa menyu zimalembedwa Parking Mode. N'zothandiza kwa amene amagona pamsika ndi katundu, koma zili ndi mtengo wake. Kamera yolondera imakoka pafupifupi maampeya 0.3 pa galimoto ya mavolti 12. Usiku umodzi wa maola 10 ndi maampeya-ola 3, amene batire labwino la 70Ah silingawamve. Koma galimoto ikaima masiku atatu, maola 72 kuchulukitsa ndi 0.3 ndi maampeya-ola pafupifupi 22, gawo limodzi mwa magawo atatu a batire latsopano. Batire lakale, limene mphamvu yake inatsika kale, silidzutsa injini.

Pofuna kupewa zimenezi, kabokosi ka pa waya kamadula magetsi batire likatsika kufika pa mlingo umene mwasankha. Pa timabokosi tambiri pali kosankhira 11.8V, 12.0V, 12.2V ndi 12.4V, ndipo pa lole manambalawa amawirikiza kawiri. Batire lodzaza lopumula limaonetsa pafupifupi 12.6, ndipo pa 12.2 limakhala litatsika kufika cha pakati. Kuno ku Angonia sankhani 12.2, kapena 24.4 pa lole, ndipo ngati batire ndi lakale kwezani kufika 12.4. M'mawa wa mu Juni ndi Julayi, kuzizira kumafooketsa batire pa nthawi yomwe injini ya dizilo ikufuna mphamvu zambiri kuti idzuke. Amene asankha 11.8 kuti kamera ilondere nthawi yaitali adzadzutsa anansi kuti akankhe. Galimoto imene imagona mumpanda pakhomo siifunika kulondera kumeneku, ndipo Parking Mode ikhoza kukhala pa Off. Kumbukiraninso kuti maola olondera amadya malo pa kadi n'kukankha kanema wa masana.

Pomata kamera

Galimoto zathu chiwongolero chili kumanja, ndiye malo abwino ndi kuseri kwa kalilole wapakati, chakumanzere pang'ono, pamene kamera siitchinga maso a dalaivala. Diso lake likhale m'dera limene mawayipa amapukuta, apo ayi nthawi ya mvula ndi ya fumbi mudzajambula matope. Lisakhalenso kuseri kwa mzere wakuda wa pamwamba pa galasi kapena kwa mapepala omatidwa pagalasi. Chomatira cha guluu chimagwira kuposa chija chokoka mpweya, chimene chimagwa ndi kutentha ndi maenje. Pukutani galasi ndi sipiriti, liume, yatsani kamera muone chithunzi musanamate, ndipo mukamata kanikizani kwa theka la mphindi.

Pendeketsani kamera kuti msewu utenge gawo lalikulu la chithunzi ndipo thambo litenge lochepera theka. Thambo likachuluka, kamera imachepetsa kuwala n'kudetsa msewu. Waya muulowetse m'mphepete mwa denga, utsike ndi mzati wa m'mbali mwa galasi mpaka pansi. Ngati pa mzatipo palembedwa SRS AIRBAG, waya adutse kuseri kwa chikwamacho motsata mawaya a galimoto, asapingase kutsogolo kwake. Asalendewerenso pafupi ndi zopondera.

Mukamaliza, konzani nthawi. Mozambiki ndi Malawi ali pa nthawi imodzi, ndipo pa Time Zone musankhe GMT+2. Date Stamp ikhale pa On kuti tsiku ndi ola zilembedwe pa chithunzi. Pa Frequency sankhani 50Hz, mogwirizana ndi magetsi a mayiko athu, kuti magetsi a m'misewu asamaphethire pa kanema. Motion Detection ikhale pa Off poyenda, chifukwa pa makamera ena imaimitsa kujambula galimoto ikaima pa mphambano. Za mawu ganizirani nokha: amathandiza kumva hutala ndi kulira kwa mabuleki, koma pa chapa amajambulanso nkhani za okwera, amene ayenera kuuzidwa.

Ngozi ikachitika

Yambani ndi anthu ovulala. Kenako dinani batani lokhomera, dikirani pang'ono, zimitsani kamera n'kutulutsa kadi. Apa m'pamene kadi yachiwiri, ngakhale yaing'ono ya 32GB yosungidwa m'kabokosi ka kutsogolo, imapulumutsa. Dalaivala wa ku Musakama uja akanatulutsa kadi n'kuikamo yachiwiri, kukula kwa kadi yake sikukanakhala nkhani. Sungani mafayilo atatu: ya ngoziyo, ya m'mbuyo mwake ndi yotsatira, popeza mmene munkayendera mphindi zitatu ngozi isanachitike ndi umboni waukulu. Koperani mafayilowo mu foni kapena pa kompyuta musanapereke kadi kwa wina aliyense. Potumiza pa WhatsApp tumizani ngati Document, chifukwa mukatumiza ngati kanema wamba amachepetsedwa ndipo nambala ya galimoto imafufutika. Musadule kapena kukonza fayilo yoyambirira.

Dziwani malire ake. Usiku, kuwala kwa magetsi anu kumabwerera pa nambala ya galimoto ya kutsogolo n'kuiyeretsa mbuu, ndiye mukaiona ndi maso itchuleni mokweza kuti ilowe m'mawu, ngati mawu mwawasiya oyaka. Kamera yakutsogolo siona chokugundani m'mbali, ngakhale imasonyeza kuti inu munali mbali yanu ya msewu. Pa zipata za m'malire monga Kalomwe, Zobwe ndi Biriwiri, ndiponso pa malo a asilikali, ndi nzeru kuzimitsa kamera kapena kufunsa kaye, kusiyana n'kukangana ndi ogwira ntchito pamene katundu akudikira.

Kamodzi pa mlungu, tsegulani fayilo yatsopano kwambiri muionere mpaka kumapeto. Ikakana kutseguka pamene zinzake zikutseguka, batire kapena kapasita ya m'kamera yafooka. Tsiku likabwerera ku chaka chakale m'mawa uliwonse, kabatire kosunga nthawi kafa, ndipo kamera yopanda GPS idzafuna kuikonza pamanja tsiku lililonse. Mukaona mafayilo ambiri aafupi a masekondi ochepa, magetsi akudukaduka, ndiye yang'anani pulagi ndi bawuti ya GND. Kamera ikamalira n'kulemba Card Error kapena kupempha Format kawirikawiri, yesani kadi ina. Ngati vutolo latha, kadi yakaleyo yatopa, ndipo musaibwezeremo ngakhale itaoneka ngati yachira.